Pepala losayinirana polowa m'nyumba ya lendi ndi mmene limathetsera mkangano wa dipoziti

Munthu akamachoka m'nyumba ya lendi n'kupempha kuti amubwezere dipoziti yake, mkangano umene umabuka kawirikawiri sukhala wa ndalama kwenikweni, koma wa kukumbukira. Mwininyumba amakumbukira nyumba imene anaipereka ili yosalala, ya penti watsopano ndiponso ya magalasi athunthu, pomwe wochita lendi amakumbukira kuti anapeza mpopi wa kubafa ukudontha kale ndipo chitseko cha kukhitchini chinali chosatsekeka. Nthawi zambiri palibe amene amanama mwadala, kungoti padutsa zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo aliyense amakumbukira bwino mbali imene ikumukomera. Popeza ndalamayo imakhala ili kale m'manja mwa mwininyumba, kukumbukira kwake ndi kumene kumapambana, pokhapokha ngati pali chinthu cholembedwa chimene onse awiri anachivomereza pa tsiku limene makiyi anaperekedwa.

Chinthu chimenecho ndi pepala lofotokoza mmene nyumba ilili, lolembedwa chipinda ndi chipinda nyumba idakali yopanda katundu, lotsagana ndi zithunzi zokhala ndi tsiku, ndiponso losayinidwa ndi mbali zonse ziwiri. Zinthu zitatuzi zimadalirana, ndipo chimodzi chikasowa, ziwiri zotsalazo zimafooka kwambiri. Mawu opanda chithunzi amatha kumveka mosiyanasiyana, chifukwa "khoma lili ndi mng'alu" ukhoza kukhala mng'alu wonga ulusi kapena wolowa chala. Chithunzi chopanda mawu sichinena ngati soketi ikugwira ntchito, ngati chimbudzi chikugujumuka, kapena ngati m'chipinda mukumveka fungo la chinyezi. Ndipo zonse ziwirizi zikakhala zopanda siginecha ya mnzanuyo, zimangokhala umboni wa munthu mmodzi, umene winayo akhoza kuukana ponena kuti sanauonepo.

Mayiko ena anaika mchitidwe umenewu m'malamulo, ndipo Amalawi ambiri amene akukhala ku South Africa amakhudzidwa nawo ngakhale kuti si onse amene amaudziwa. Lamulo la nyumba za lendi la m'dzikolo la mu 1999, lotchedwa Rental Housing Act, limanena kuti mwininyumba ndi wochita lendi ayenera kuyendera nyumba limodzi wolowayo asanalowe, ndipo mndandanda wa zowonongeka zimene apeza uyenera kumatidwa ku pangano la lendi. Ayeneranso kuiyendera limodzi m'masiku atatu omaliza pangano lisanathe. Mfundo yolemera kwambiri m'lamuloli ndi yakuti mwininyumba akalephera kuyendera nyumba pamodzi ndi wochita lendi, amatengedwa ngati wavomereza kuti nyumbayo ili bwino, ndipo ayenera kubweza dipoziti yonse pamodzi ndi chiwongoladzanja chake. Ngati palibe chodula, ndalamayo iyenera kubwezedwa m'masiku 7, ndipo ngati pali zokonzetsa, yotsala iyenera kubwezedwa m'masiku 14, malisiti a zokonzetsazo ali poti wochita lendi akhoza kuwaona. Ku England nako, kuyambira mu 2007, dipoziti ya nyumba zambiri za lendi iyenera kutetezedwa kudzera m'bungwe lovomerezeka ndi boma, ndipo mkangano ukabuka, woweruza wa bungwelo amagamula poyang'ana mapepala ndi zithunzi zimene mbali ziwirizo zatumiza, osapita n'komwe kukaona nyumbayo. Kumeneko ndalama imatengedwa kuti ndi ya wochita lendi kufikira mwininyumba atasonyeza chifukwa choidulira, kotero mwininyumba amene alibe pepala la polowa amavutika kwambiri kuti apambane.

Kuno kwathu, m'madera monga Area 25 ku Lilongwe, Chilomoni ku Blantyre kapena Katoto ku Mzuzu, nyumba zambiri zimaperekedwa pongogwirizana pakamwa kapena ndi pangano la tsamba limodzi limene limangotchula lendi ya pamwezi ndi tsiku lolipira. Zikatero, zonse zimatsamira pa zimene anthu awiriwo angathe kusonyeza kwa amene akuwayanjanitsa, kaya ndi mfumu ya m'deralo, ejenti amene anawalumikiza, kapena khoti la majisitireti. N'chifukwa chake pepalali limafunika kwambiri kumene kulibe bungwe losunga dipoziti kusiyana ndi kumene lilipo.

Nthawi yabwino yolilemba ndi tsiku lopereka makiyi, masana kukuwala, galimoto ya katundu isanatsitse chilichonse. Sofa ikangotsamira kukhoma, kapeti ikangoyalidwa pansi, zimene zili kuseri kwake sizionekanso, ndipo mwininyumba amakhala ndi poyambira kunena kuti tailosi linasweka pokoka kabati. Nyumba ya zipinda zitatu zogona imatenga ola limodzi kapena awiri ngati anthu akuyenda mosamala, ndipo amene akufuna kumaliza m'mphindi khumi ndiye kuti akungoyang'ana, sakuyesa. Ndi bwino kuyenda mwa dongosolo limodzi m'chipinda chilichonse, kuyambira kumwamba kutsika pansi: siling'i, makoma, mawindo ndi mabagala ake, chitseko ndi loko wake, masoketi ndi maswitchi, kenako pansi. Dongosolo lotere limathandiza kuti pa tsiku lotuluka mudzatsate njira yomweyo n'kuyerekezera mzere ndi mzere.

Vuto lalikulu la mapepala ambiri oterewa lili pa mawu amene amagwiritsidwa ntchito. Anthu amakonda kulemba kuti "zili bwino" kapena "zili bwinoko", mawu amene sathandiza aliyense pakatha zaka ziwiri. Mawu othandiza ndi amene amatchula malo, kukula ndi chiwerengero. M'malo molemba kuti pansi pa khitchini m'powonongeka, munthu alembe kuti matailosi atatu pafupi ndi sinki ndi ong'aluka ndipo limodzi pakhomo ndi lobenthuka pakona. M'malo molemba kuti siling'i ili ndi banga, alembe kuti pakona ya kuwindo pali banga la madzi lalikulu ngati chikhatho. Chinthu chimene chili bwino nachonso chilembedwe kuti chayesedwa ndipo chikugwira ntchito, chifukwa mzere umenewo ndi umene umateteza mwininyumba. Anthu ambiri amaganiza kuti pepalali ndi chida cha wochita lendi yekha, koma mwininyumba amene akufuna kudzadula ndalama ya loko wothyoka ayenera kudzasonyeza kuti lokoyo anali wamoyo pamene ankamupereka.

Kuyesa kumafuna zida zochepa zimene aliyense ali nazo. Chaja ya foni imakwanira kuyesera soketi iliyonse. Mpopi uliwonse utsegulidwe ndi kutsekedwa, kenako munthu ayang'ane pansi pa sinki ngati pakudontha. Chimbudzi chigujumulidwe, ndipo adikire kuti aone ngati thanki ikudzadza n'kusiya, chifukwa thanki imene madzi ake sasiya kuyenda imakweza bilu mwakachetechete. Giza ayatsidwe pachiyambi pa ulendowo kuti pomaliza zidziwike ngati madzi atentha. Kiyi aliyense alowetsedwe mu loko wake, ndipo chiwerengero cha makiyi a chitseko chilichonse chilembedwe. Mafelemu a matabwa ndi kuseri kwa wodilopu ayang'anidwe ngati muli njira za chiswe. Kukakhala kuti magetsi athima kapena madzi sakutuluka pa tsikulo, zimene si zachilendo, palembedwe poyera kuti masoketi kapena mipopi sinayesedwe pa chifukwa chimenecho ndipo idzayesedwa pofika tsiku lakuti, m'malo mosiya mpata wopanda kanthu umene wina adzauwerenge ngati kuvomereza.

Pali chinthu chimodzi chimene chimaiwalika kawirikawiri ngakhale kuti ndicho chosavuta kutsimikiza kuposa zonse, ndicho mamita. Mita ya madzi ijambulidwe moti nambala ya mitayo ndi manambala a madzi ogwiritsidwa ntchito zioneke pa chithunzi chimodzi, ndipo ngati nyumbayo imalandira bilu ya pamwezi, bilu yomaliza ijambulidwenso kuti ngongole ya amene anatuluka idziwike. Pa mita ya magetsi ya ESCOM yogulira mayunitsi, palembedwe nambala ya mita ndi mayunitsi amene atsalamo. Nyumba zingapo zikamagwiritsa ntchito mita imodzi pa poloti, pepalali litchule mmene bilu imagawidwira.

Tsopano tifike pa zithunzi, pamene anthu ambiri amadzinyenga. Ambiri amakhulupirira kuti chifukwa foni imasunga tsiku limene chithunzi chinajambulidwa, ndiye kuti umboni watha. Zoona zake n'zakuti tsiku limenelo limachokera pa wotchi ya foniyo, imene mwini wake akhoza kuisintha, ndipo tsiku lodindidwa pakona ya chithunzi nalonso limachokera pa wotchi yomweyo. Kuwonjezera apo, chithunzi chikatumizidwa pa WhatsApp mwa njira ya masiku onse, chimachepetsedwa kukula ndipo zambiri zobisika m'kati mwake, kuphatikizapo nthawi yojambulira, zimachotsedwa. Chikatumizidwa kudzera pa Document, chimafika monga momwe chinajambulidwira. Choncho chimene chimapatsa chithunzi mphamvu si tsiku lolembedwa pa icho, koma umboni wakuti mbali inayo inachilandira pa tsikulo ndipo sinachitsutse. Njira yodalirika ndi kutumiza zithunzi zonse kwa mnzanuyo tsiku lomwelo mudakali pamodzi, iye n'kuyankha ndi uthenga wakuti walandira zithunzi zingapo zakuti, kenako chiwerengero chomwecho n'kulembedwa pa pepala pamwamba pa masiginecha.

Kajambulidwe nakonso kali ndi luso lake. Chithunzi cha pafupi kwambiri cha mng'alu sichisonyeza kuti ndi khoma liti, kapena ngati ndi nyumba yomweyo n'komwe. Chowonongeka chilichonse chimafuna zithunzi ziwiri: chimodzi chojambulidwa muli pakhomo chosonyeza chipinda chonse, china cha pafupi chokhala ndi chinthu chodziwika kukula kwake, monga ndalama yachitsulo, bolopeni kapena lula, chitayikidwa pambali pa malo owonongekawo. Chithunzi chilichonse chipatsidwe nambala, ndipo nambalayo ilembedwe pa mzere wake pa pepala, kuti wowerenga akaona mawu akuti galasi la windo la chipinda chachiwiri ndi long'aluka, aonenso kuti ayang'ane chithunzi 14. Vidiyo yoyenda m'nyumba monse imathandiza posonyeza kuti zithunzizo n'za nyumba imodzi, koma siilowa m'malo mwa zithunzi, chifukwa palibe woyanjanitsa amene amakhala ndi mtima woonera vidiyo ya mphindi makumi awiri kufunafuna banga limodzi. Ndipo popeza mafoni amabedwa, amagwera m'madzi ndiponso amasinthidwa, zithunzi zisasungidwe pa foni pokha. Zitumizidwenso ku imelo, ndipo khumi kapena khumi ndi zisanu zofunika kwambiri zisindikizidwe pa pepala kuti onse awiri asayine kuseri kwake. Mtengo wosindikizira ndi wochepa kwambiri pouyerekeza ndi lendi ya mwezi umodzi.

Posayina, tsamba lililonse likhale ndi siginecha kapena zilembo zoyamba za mayina a onse awiri, osati tsamba lomaliza lokha, chifukwa tsamba la pakati likhoza kusinthidwa. Masamba alembedwe manambala, monga tsamba 2 mwa masamba 5, mipata yopanda kanthu idulidwe ndi mzere, ndipo aliyense atenge kope lake nthawi yomweyo. Ngati amene wabwera ndi makiyi ndi ejenti kapena m'bale wa mwininyumba, palembedwe kuti akusayina m'malo mwa ndani, ndipo mwininyumba atumiziridwe kope tsiku lomwelo, chifukwa si zachilendo kumva pambuyo pake kuti amene anasayinayo sanatumidwe kuchita zimenezo. Anthu awiriwo akasiyana maganizo pa chinthu china, sayenera kukakamizana. Maganizo onse awiri alembedwe pa mzere womwewo ndipo chithunzi chikhale pomwepo.

Ndi nzeru kuwonjezera chiganizo chopatsa wolowayo masiku ochepa, mwachitsanzo 7, oti anene mwa kulemba zimene sizikanaoneka pa tsiku loyamba. Komabe masiku amenewa sakwanira kuonetsa zonse. Munthu amene walowa mu Julayi sangadziwe ngati denga likudontha kufikira mvula itayamba cha mu Novembala kapena Disembala, kotero palembedwe kuti denga silinayesedwe ndi mvula.

Kuti tione mmene zonsezi zimagwirira ntchito, tiyerekeze banja limene linalowa m'nyumba ya zipinda zitatu ku Area 25 pa 1 Malichi 2022 litapereka dipoziti ya K300,000, ndipo likutuluka patatha zaka ziwiri. Manambala onse m'chitsanzochi ndi ongoyerekeza. Mwininyumba wabwera ndi zinthu zisanu zimene akufuna kudula: galasi long'aluka K30,000, siling'i yowola m'chipinda chogona K110,000, loko wa chitseko cha kuseri K40,000, kupaka penti pabalaza K120,000, ndi ngongole ya madzi K60,000. Zonse pamodzi zikukwana K360,000, kutanthauza kuti dipoziti yonse yatha ndipo banjalo likufunsidwa kuwonjezera K60,000.

Nkhani ya galasi ikutha msanga, chifukwa pepala la polowa likunena kuti galasi la kumanzere pa windo la chipinda chachiwiri linali long'aluka kuchokera pakona, ndipo chithunzi 14 chikusonyeza mng'alu womwewo. Palibe chodula. Loko naye savuta, ngakhale kuti apa pepala likuweruza mokomera mwininyumba: linalembedwa kuti loko akugwira ntchito ndipo makiyi ndi atatu, koma potuluka lokoyo ndi wothyoka chifukwa makiyi atatayika, chitseko chinatsegulidwa mokakamiza. Banjalo liyenera kulipira K40,000. Pa madzi, chithunzi cha bilu ya mwezi umene banjalo linalowa chikusonyeza kuti panali kale ngongole ya K38,000 ya amene anatuluka, kotero gawo la banjali ndi K22,000 yokha.

Siling'i ndi imene ikufuna kuganiza. Pepala la polowa linatchula banga lalikulu ngati chikhatho, koma tsopano bolodi lonse lafufuma ndipo latsala pang'ono kugwa. Mwininyumba akhoza kunena moona kuti sanapereke nyumba ili choncho. Koma bangalo likusonyeza kuti madzi ankalowa kale banjalo lisanafike, ndipo kukonza denga lodontha ndi udindo wa mwini nyumbayo, pokhapokha pangano litanena zina. Funso lotsala ndi lakuti kodi banjalo linanena pamene linaona kuti banga likukula. Ngati lili ndi uthenga wa mu Januwale 2023 wokhala ndi chithunzi, wodziwitsa mwininyumba kuti madzi akudontha m'chipinda, ndiye kuti palibe chodula. Likanakhala chete kwa nyengo ziwiri za mvula, likungoika beseni pansi, mwininyumba akanakhala ndi mfundo yomveka yakuti kuwonongekako kunakula chifukwa sanauzidwe, ndipo kugawana mtengo kukanakhala koyenera. Apa ndi pamene malire a pepala la polowa amaonekera: limasonyeza poyambira pokha, ndipo zimene zachitika pakati zimafuna mauthenga awoawo. M'chitsanzo chathu uthengawo ulipo.

Penti naye amayambanitsa anthu kawirikawiri, chifukwa pali kusiyana pakati pa kutha kwa chinthu chifukwa chogwiritsidwa ntchito mwa masiku onse ndi kuwonongeka chifukwa cha kusasamala. Penti wofwifwa ndi dzuwa, malo odetsedwa pang'ono pozungulira switchi, kapena simenti yopekeseka pakhomo ndi zinthu zimene zimachitika m'nyumba iliyonse yokhalamo anthu, ndipo lendi ya mwezi ndi mwezi ndi imene imalipira zimenezo. Mwaye wa mbaula imene inkayatsidwa pabalaza, kapena khoma limene ana alembalemba ndi makala, ndi nkhani ina. Tinene kuti khoma la pabalaza lili ndi mwaye woterowo, ndiye kuti banjalo lili ndi mlandu. Komabe sizitanthauza kuti lilipire K120,000 yonse, chifukwa kutero kungakhale kupatsa mwininyumba khoma latsopano m'malo mwa khoma lakale limene anapereka. Oweruza mikangano ya dipoziti ku England amatsata mfundo imeneyi, yakuti mwininyumba asatuluke wopindula kuposa mmene akanakhalira nyumba ikanangotha mwa masiku onse, ndipo ndi mfundo imene munthu aliyense woganiza bwino akhoza kuivomereza kulikonse. Ngati pepala la polowa linanena kuti nyumba inapakidwa penti komaliza mu 2020, ndipo anthu awiriwo anagwirizana kuti penti wa m'kati amayenera kukhala zaka zisanu, ndiye kuti potuluka mu 2024 pentiyo wagwira kale zaka zinayi ndipo chatsala ndi chaka chimodzi. Banjalo lawonongetsa gawo limodzi mwa magawo asanu, lomwe ndi K24,000. Kuwerengera kotereku sikutheka ngati palibe amene analemba chaka chimene penti anapakidwa, ndipo ndi mzere umene ine ndimaona kuti suyenera kusowa pa pepala lililonse lotere.

Tikaphatikiza K40,000 ya loko, K22,000 ya madzi ndi K24,000 ya penti, zodula zikukwana K86,000, ndipo banjalo liyenera kulandira K214,000. Mwininyumba sanatayepo kanthu kamene kanali kake, ndipo ngati angakayikire, mzere uliwonse uli ndi siginecha yake.

Kuyendera kwa potuluka kuchitike nyumba itachotsedwa katundu ndi kusesedwa, onse awiri alipo, pepala lakale lili m'manja, ndipo zithunzi zatsopano zijambulidwe kuchokera pamalo omwe zoyambazo zinajambulidwira kuti ziyerekezeke mosavuta. Makiyi awerengedwe, mamita awerengedwenso, ndipo tsiku limene yotsala ya dipoziti idzabwezedwe lilembedwe pa pepala lomwelo pamodzi ndi njira yolipirira. Pa chilichonse chimene chikudulidwa, wotulukayo ali ndi chifukwa chabwino chopemphera lisiti kapena mtengo wolembedwa ndi mmisiri.

Chotsala ndi vuto la ulemu, limene m'malo mwathu muno si laling'ono. Wachinyamata amene wapeza nyumba movutikira amaopa kuti akatulutsa pepala ndi foni pamaso pa mwininyumba wamsinkhu wa bambo ake, aoneka ngati wamwano kapena wokonda milandu, ndipo nyumbayo ikhoza kupatsidwa wina. Zimayenda bwino nkhaniyi ikatchulidwa msanga, pokambirana za lendi, osati modzidzimutsa pa tsiku la makiyi, ndiponso ikaperekedwa monga chinthu choteteza nyumbayo, mwachitsanzo ponena kuti, "Bambo, ndimafuna tilembe mmene mwandipatsira nyumbayi kuti ndidzakubwezereni ili chimodzimodzi." Mwininyumba akakanabe kusayina, wolowayo alembe yekha pepalalo pamaso pa mboni imene si m'bale wake, ajambule zithunzi, ndipo atumize zonse kwa mwininyumba tsiku lomwelo ndi uthenga waulemu wopempha kuti ngati pali chimene sichinalembedwe molondola anene m'masiku 7. Pepala lotere sililemera ngati losayinidwa ndi onse awiri, koma uthenga wosonyeza kuti linatumizidwa pa tsiku lolowa, linalandiridwa ndipo silinatsutsidwe umakhala chinthu chimene woyanjanitsa akhoza kuchigwira m'manja pamene mbali inayo ili ndi mawu apakamwa okha.